Manja Ong'aluka ndi Sopo: Mafuta Ake Ndi Ati?

Ntchito ya madzi imadziwika ndi manja. Wotsuka mbale pa lesitilanti ya mumsika, wantchito wa m'nyumba, mayi wochapa zovala za ganyu pamjigo kapena kumtsinje, onsewa manja awo amapita njira imodzi. Poyamba khungu limangotuwa n'kumakhakhala. Kenako limayamba kuyabwa ndi kusupuka pakati pa zala. Pakapita miyezi, nsonga za zala ndi mfundo zake zimang'aluka, ndipo ming'alu ina imazama mpaka kutuluka magazi munthu akafinya chovala. Juni ndi Julayi akafika, mphepo ya mwera ikamawomba ndipo mpweya ukauma, vutoli limafika poipa. Kudula tomato kapena kugwira mchere kumasanduka chilango.

Ambiri mwa anthuwa sakhala chete. Amagula mafuta odzola, kawirikawiri onunkhira ndi amadzimadzi aja, n'kudzola kamodzi m'mawa akamachoka pakhomo. Pakatha sabata manja akadali momwemo, ndiye amanena kuti mafuta sathandiza. Chonsecho mafutawo anakokoloka m'beseni loyamba, tsiku lisanafike n'komwe pakati. Pa manja otere, mtengo wa botolo ndi fungo lake zilibe kanthu. Chimene chimachiritsa ndi kulemera kwa mafutawo, kuchuluka kwake, ndi nthawi imene munthu akudzola.

Kuti zimenezi zimveke, m'pofunika kudziwa chimene sopo amachotsa. Khungu lapamwamba penipeni, lomwe timaligwira, ndi lopyapyala kuposa pepala m'mbali zambiri za thupi, koma linamangidwa ngati chipupa. Timaselo takufa touma ndito njerwa, ndipo pakati pake pali mafuta achilengedwe omwe ali ngati dothi lomangira. Mafutawa ndiwo amatsekera madzi m'kati mwa khungu, komanso kuletsa zoyabwa za kunja kulowa. Sopo anapangidwa kuti azisungunula mafuta, ndipo sasankha. Amachotsa mafuta a ndiwo pa mbale, n'kuchotsanso a pakati pa timaselo tija. Dothi likakokoloka, njerwa zimagwedera.

Palinso nkhani ya ukali wa sopoyo. Pa muyeso wa pH, womwe umayambira pa 0 kufika pa 14, khungu labwino limakhala pafupi ndi 5. Sopo wa mtanda amakhala pa 9 kapena 10, ndipo sopo wa ufa wochapira zovala amafika pa 10 mpaka 11 chifukwa amaikamo soda. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma nambala imodzi ikakwera, ukali umawonjezeka kakhumi. Phulusa lomwe ambiri amakwechera mapoto nalonso ndi laukali chimodzimodzi, ndipo akaliphatikiza ndi mchenga limapala khungu uku likulidya.

Ngakhale madzi opanda sopo amawononga. Khungu likanyowa nthawi yaitali limafufuma, likauma limakhwinyata, ndipo kufufuma ndi kukhwinyata kumeneku kukachitika kambirimbiri patsiku, tizinthu tosunga chinyezi m'khungu timatsukika. Ku Jeremani, malamulo oteteza anthu pantchito akhala akuwerengera kuti manja okhala m'madzi kupitirira maola 2 patsiku ali pa chiopsezo. Wochapa wa ganyu amadutsa maola amenewo dzuwa lisanakwere.

Nanga n'chifukwa chiyani khungu limang'aluka, osangouma chabe? Chikhatho ndi kunsi kwa zala kulibe tizigawo totulutsa mafuta monga tomwe tili kunkhope, ndipo khungu lake ndi lochindikala. Likamakhuzidwa tsiku ndi tsiku limachindikala kwambiri. Khungu lochindikala lomwe lili ndi chinyezi limapindika bwinobwino, koma likauma silipindika, limathyoka. N'chifukwa chake ming'alu imabwera pamene chala chimapindikira, m'mbali mwa chikhadabo, ndi pa chala chachikulu ndi cholozera, zomwe zimagwira ntchito yambiri. Ndipo mng'alu umachedwa kupola chifukwa m'mbali mwake ndi mouma gwa. Chala chikangopindika, bala limatsegukanso.

Mafuta odzola ali ndi ntchito ziwiri pa khungu lotere. Yoyamba ndi kutseka pamwamba kuti madzi asatuluke. Yachiwiri ndi kukoka madzi n'kuwasunga m'khungu. Pa ntchito yoyambayo palibe chimene chimaposa vaselini wamba, woyera, wopanda fungo. Ndi chinthu chakale kwambiri. Robert Chesebrough anaona mu 1859 kuti ogwira ntchito pa zitsime za mafuta ku Pennsylvania, m'dziko la Amereka, ankapaka pa mabala awo phula lomwe linkamatirira pa zitsulo zopopera. Analiyenga, ndipo mu 1872 analandira chiphaso cha umwini wa njira yopangira mafutawo. Kufikira lero madokotala a khungu amawadalira, popeza amachepetsa madzi otuluka pakhungu ndi magawo oposa 90 pa 100, ndipo si kawirikawiri kuti munthu adane nawo. Sanyerenyetsa ngakhale pabala.

Ntchito yachiwiri ndi ya gilisalini ndi yureya. Gilisalini amadziwika m'makomo ambiri, ndipo ndi wabwino, koma yekha sakwanira. Amakoka madzi, koma satseka, choncho amafuna mafuta olemera pamwamba pake. Wosasungunula amamata, ndipo pabala amaluma. Njira yake ndi kudontheza pang'ono pa manja achinyezi, kutikita, kenako kupaka vaselini. Yureya amapezeka m'makirimu a m'mafamase. Wa magawo 5 mpaka 10 pa 100 amafewetsa khungu louma, pomwe wa magawo 20 kapena kuposa amasungunula khungu lolimba, ndipo amapangidwira makamaka zidendene. Vuto lake ndi lakuti pa mng'alu wotseguka amawawa kwambiri, choncho nthawi yake ndi pamene mabala atsekeka n'kutsala khungu lolimbalo. Yureyayu ndi woyengedwa, wosakanizidwa mwa muyeso. Wa m'thumba la feteleza si wopaka pakhungu.

Mafuta amadzimadzi a m'mabotolo aja, omwe amathirika ngati mkaka, mbali yawo yaikulu ndi madzi. Amalowa msanga, amanunkhira, ndipo pa miyendo ya munthu wokhala mu ofesi amakwanira. Pa manja ong'aluka madziwo amauluka m'mphindi zochepa, n'kutsala mafuta ochepa kwambiri. Komanso chinthu cha madzi ambiri chimafuna mankhwala oletsa kuvunda, ndipo mankhwala amenewa pamodzi ndi zonunkhiritsa ali m'gulu la zinthu zomwe khungu limadana nazo kawirikawiri. Khungu long'aluka ndi khomo lotsegula. Zomwe khungu labwino likanazikana zimalowa mosavuta. Makirimu a kamfa ndi mentho nawo amaziziritsa mosangalatsa, koma pa ming'alu amanyerenyetsa ndipo sawonjezera chilichonse pa kupola. Pali kayesedwe kosavuta ka m'sitolo: chimene chimayenderera botolo likapendeketsedwa n'chopepuka, ndipo chimene chimakhala chilili m'chibakuli ngakhale chitatembenuzidwa ndicho cha manja a wochapa.

Pali kirimu imodzi yofunika kuitchula payokha, chifukwa ndi yotchipa, imabwera m'zibakuli zazikulu, ndipo kwa zaka zambiri inkaperekedwa m'zipatala kwa aliyense wa khungu louma. Ndi kirimu yoyera ija ya akwiyasi. Mu kapangidwe kake kakale mumakhala pang'ono mankhwala otchedwa sodiyamu lorayilo salifeti, omwe ndi amodzi mwa ochititsa thovu mu shampu ndi sopo wamadzi. Mu 2010, akatswiri a pa yunivesite ya Bath ku Ingalande anaonetsa kuti ikadzoledwa n'kusiyidwa pakhungu labwino kwa milungu inayi, khungu lapamwamba limapyapyala ndipo limataya madzi ambiri. Mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Britain linachenjeza kuti ingathe kuyabwa ndi kufiiritsa khungu. Ilipo ina yopangidwa popanda mankhwalawo. Koma ya kapangidwe kakale ntchito yake yabwino ndi kusambira m'manja m'malo mwa sopo, n'kutsukuluza.

Tsopano titenge chitsanzo cha mayi yemwe amatsuka mbale ndi mapoto pa lesitilanti kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ali ndi ming'alu pa zala zitatu za dzanja lamanja. Kodi afunika mafuta ochuluka bwanji?

Madokotala a khungu ali ndi muyeso wawo. Kirimu yofinyidwa kuchokera m'chubu, yotalika kuchokera pa nsonga ya chala cholozera kufika pa mfundo yoyamba, imalemera pafupifupi theka la giramu, ndipo imakwanira dzanja limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Manja awiri ndi giramu imodzi. Mayiyu ayenera kudzola asanayambe ntchito, akamaliza mbale za m'mawa, akamaliza za masana, akamapumula, akamaweruka, komanso akasamba kunyumba. Kumeneku ndi kudzola ka 6, magiramu 6. Usiku apake mochuluka, magiramu 2. Tsiku lonse ndi magiramu 8, sabata ndi 56, ndipo mwezi ndi pafupifupi 240. Kabotolo ka mamililita 100 sikayenera kufika milungu iwiri. Ngati kakutha miyezi itatu, ndiye kuti manjawo sakulandira mafuta okwanira, ngakhale kakhale ka mtengo wotani. Apa m'pomwe vaselini wamba amapambanira makirimu odula: munthu wa ndalama zochepa angathe kumudzola mosaumira.

Nthawi yodzola ndi pamene manja angotuluka m'madzi. Mayiyu atsukuluze sopo yense ndi madzi oyera, makamaka pakati pa zala, popeza thovu louma pakhungu limapitiriza kudya. Apukute mosinikiza ndi kansalu koyera, osakhuza, ndipo adzole khungu likadali ndi kachinyezi. Vaselini sabweretsa madzi, amangotsekera omwe alipo. Kupaka pa manja ouma gwa kumathandiza pang'ono chabe poyerekeza ndi kupaka pa manja omwe angopukutidwa kumene. Malo omwe ambiri amaiwala ndi omwewo ovutika kwambiri: nsonga za zala, m'mbali mwa zikhadabo, pakati pa zala, ndi kumbuyo kwa dzanja.

Masana pamakhala chopinga chenicheni, ndipo amene amalangiza ali pampando amakonda kuchiiwala. Manja a vaselini amaterera. Mbale ya dothi ikaphwanyika, bwana amadula pa malipiro. Choncho masana mayiyu apake pang'ono kwambiri, atikite bwino, adikire mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kupukuta chikhatho chokha ndi kansalu, kumbuyo kwa dzanja akusiya. Ngati angakwanitse kugula kirimu yolimba ya gilisalini yopanda fungo, imeneyo ikhale ya masana, vaselini akhale wa usiku.

Usiku ndiwo nthawi yochira, chifukwa ndi maola okhawo omwe manja sakumana ndi sopo. Aviike manja m'madzi ofunda pang'ono opanda sopo kwa mphindi zisanu kapena khumi kuti khungu lolimba limwe madzi. Apukute, apake mafuta mochindikala mpaka manja anyezimire, akanikizire ena m'ming'alu momwe, kenako avale magolovesi a thonje. Masokosi oyera a thonje amagwira ntchito yomweyo. Mng'alu wozama umafuna zina: kuutsuka, kuudzaza vaselini, kufinyira mbali zake pamodzi, n'kumata pulasitala kuti chala chikapindika usatseguke. Pulasitala akanyowa pantchito asinthidwe, chifukwa wonyowa amavunditsa khungu. Ena amadonthezamo guluu wa kumsika womatira nsapato. Zipatala zili ndi guluu wawo womatira mabala, koma wa kumsikayo sanapangidwire thupi, amatha kuwotcha khungu, ndipo amatsekera tizilombo m'kati ngati balalo layamba kale kutukusira.

Chenjezo limodzi silingadumphidwe m'dziko lophikira pa mbaula ndi nkhuni. Nsalu yomwe yamwa mafuta odzola imayaka msanga kwambiri, ndipo kuchapa sikuchotsa mafuta onse. Ku Britain anthu afapo ndi moto wotere, mpaka boma linalamula kuti pa zibakuli pazilembedwa chenjezo. Magolovesi kapena masokosi ausiku aja avulidwe munthu asanayatse moto, kandulo kapena koloboyi.

Ngati zonsezi zikutsatidwa, kuwawa kumachepa m'masiku oyamba, ndipo ming'alu yosazama imatseka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Khungu lapamwamba limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthike, koma mphamvu yake yodziteteza imabwerera mochedwa kuposa maonekedwe. Manja angaoneke osalala pomwe akadali ofooka kwa miyezi ingapo. Ambiri amasiya kudzola panthawi imeneyi, ndipo ming'alu imabwerera pamalo omwe aja.

Komabe mafuta sangapambane ngati sopo akulowa mofanana ndi kale. Pali zinthu zazing'ono zomwe zimasintha zambiri. Sopo wa ufa asungunulidwe m'madzi ndi kamtengo asanalowemo manja, mmalo mothira pa chovala n'kumafikisa ndi zala, chifukwa timibulu tosasungunuka ndi taukali kwambiri. Sopo ameneyu anapangidwira zovala, ndipo kutsukira mbale tsiku lonse n'kuzunza manja. Zovala zikaviikidwa kwa theka la ola zisanachapidwe, kufikisa kumachepa. Mapoto opserera akaviikidwanso safuna phulusa lambiri. Madzi otentha kwambiri amasungunula mafuta a khungu msanga, ndiye ofunda ndi okwanira. Mphete ivulidwe, popeza pansi pake m'pobisalira sopo ndi chinyezi, ndipo kawirikawiri zilonda zimayambira pomwepo. Mankhwala oyeretsa zovala aja a fungo la kolorini asagwiridwe ndi manja osavala kanthu.

Magolovesi ndiwo chitetezo chachikulu, koma ali ndi misampha yawo. M'kati mwake manja amatuluka thukuta, ndipo akavalidwa nthawi yaitali khungu limanyowa ngati lili m'beseni. Ayenera kuvulidwa pakatha mphindi pafupifupi 20 kuti manja apume, ndipo m'kati muzikhala ena a thonje omwe amasinthidwa akanyowa. Golovesi lobooka ndi loipa kuposa kusavala, chifukwa limasunga madzi a sopo pakhungu. Akatha ntchito atembenuzidwe, atsukuluzidwe, ayanikidwe. Vaselini amafooketsa labala wachilengedwe, choncho wodzola mafuta olemera asankhe magolovesi a pulasitiki wochindikala, kapena asaiwale a thonje m'kati. Kunena zoona, magolovesi ndi chipangizo cha ntchito monga momwe liliri beseni, ndipo wolemba ntchito yemwe amagula sopo alibe chifukwa chosiyira wantchito wake mtolo wogula chotetezera manja ku sopoyo.

Pali manja ena omwe mafuta okha sangawathe, ndipo m'pofunika kuwazindikira msanga. Khungu likakhala lofiirira kapena lodera kuposa lina, lotupa, loyabwa mosagonetsa, kapena lotuluka timatuza tamadzi m'mbali mwa zala, ndiye kuti latupa m'kati ndipo likufuna mankhwala ochepetsa kutupako. Haidirokotizoni wa gawo 1 pa 100, yemwe amapezeka mosavuta, nthawi zambiri ndi wofooka pa khungu lochindikala la chikhatho. Achipatala amapereka amphamvu kuposa pamenepo, monga betametazoni, oti apakidwe mopyapyala pa malo odwala okha, kamodzi kapena kawiri patsiku, kwa milungu yochepa. Mafuta odzola amapitirira, koma pakhale mpata wa theka la ola pakati pa ziwirizi. Mankhwala a gulu lomweli, ena amphamvu kwambiri, amapezeka m'machubu ena oyeretsa khungu omwe amagulitsidwa m'misika. Amaletsadi kuyabwa m'masiku awiri, n'chifukwa chake anthu amauzana kuti ndi abwino. Akagwiritsidwa ntchito miyezi amapyapyaza khungu mpaka kumang'ambika lokha, ndipo ngati vuto ndi mafangasi amawadyetsa.

Mafangasiwo amakonda manja a ochapa. Chizindikiro chodziwika ndi khungu loyera, lofewa ngati lovunda, losupuka n'kusiya pofiira, pampata wa chala chapakati ndi cha mphete, pomwe zala zimagundana kwambiri ndipo sipauma. Pamenepo vaselini amaipitsa zinthu chifukwa amatsekera chinyezi. Pamafunika kuumitsa ndi kupaka kirimu yopha mafangasi, monga kulotirimazo. China ndi kutupa kwa khungu lozungulira chikhadabo, kakhungu kotseka patsinde pake katatha, chikhadabo n'kuyamba kumera ndi mizere. Kumeneku kumatenga miyezi kuti kupole, ndipo sikupola chala chikadali m'madzi tsiku lonse. Ngati chikhatho chimodzi chokha ndicho chouma ndi kufundula, china chili bwino, ndipo mapazi nawo akufundula, achipatala amaganizira zipere, osati sopo. Ngati kuyabwa kumakula usiku, kuli pakati pa zala ndi pa mfundo za mikono, ndipo ana m'nyumba akukandanso, zimenezo zingakhale mphere, zomwe mankhwala ake ndi ena ndipo amalandira banja lonse.

Nthawi zina cholakwa ndi chotetezera chomwecho. Zidzolo zomwe zadzaza kumbuyo kwa dzanja n'kuthera ndendende pomwe golovesi limathera zimaloza ku mankhwala a mu labala. Manja omwe akuipiraipira chiyambireni kirimu yatsopano akudana ndi china chake cha m'kirimumo, ndipo njira yoyesera ndi kusiya zonse n'kutsala ndi vaselini wamba kwa milungu iwiri.

Zina sizidikira. Mng'alu wotuluka mafinya, nkhanambo zachikasu, chala chotupa chotentha chomwe chikugunda ngati mtima, kufiira koyenderera kukwera mkono, mwanabere m'khwapa kapena kutentha thupi, zonsezi zikusonyeza kuti mabakiteriya alowa, ndipo munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo. Wodwala shuga asadikire n'komwe kuti zifike pamenepo, popeza mabala ake amachedwa kupola ndipo amatukusira msanga. Wotsuka mbale za anthu kapena wogwira chakudya yemwe ali ndi bala la mafinya alitseke ndi pulasitala ndi golovesi, chifukwa mabakiteriya a m'bala lotero amatha kudwalitsa odya. Ndipo ngati padutsa mwezi munthu akudzola mokwanira, akuteteza manja, koma palibe kusintha, chipatala cha boma la kwawo chingamutumize kwa oona za khungu, omwe amapezeka pa zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Popita kumeneko atenge machubu ndi mabotolo onse omwe wakhala akudzola, ngakhale a kumsika omwe, komanso golovesi limodzi, kuti wachipatala aone chimene khungulo lakhala likukumana nacho.